Mizere iwiri yowongoka singakumane kawiri: ndimuyankhe bwanji mwana wa Fomu 3?

Nabanda, Santhe: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Lero ndauza ana a Fomu 3 kuti mizere iwiri yowongoka ikadutsana, imadutsana pamalo amodzi basi, ndipo ndajambula pabolodi. Mtsikana wina wakweza mkono: "Madamu, bolodi lathera pomwepo. Mukudziwa bwanji kuti kutsogoloko sikumananso?" Sindikufuna kumuuza kuti angovomereza. Mawa ndikumana nawonso.

A Mwale, Chamama: Muuzeni kuti mpata wa pakati pake ndi wofanana paliponse, ndiye singakumane ngakhale muitalikitse mpaka ku Mzuzu.

Nabanda, Santhe: Imeneyo ndi mizere ya palalelo, achimwene. Yangayi yakumana kale kamodzi.

A Phiri, Mtunthama: Madamu, mwanayo wanena zoona, chojambula si umboni. Njira yake ndi kuyamba mwamuvomereza, kenako muone kumene mawu akewo akufikitseni.

Gwirizanani naye kaye mfundo imodzi: pa mapoyinti awiri osiyana pamadutsa mzere wowongoka umodzi wokha. Iyi sitiitsimikizira, ndi maziko amene jiyometiri ya Euclid yakhalapo. Ana a kuno amaidziwa kale: mukakhoma zikhomo ziwiri polemba maziko a chigafa n'kukoka chingwe kuti nga, chingwe chachiwiri chokokedwa pa zikhomo zomwezo chimangogona pamwamba pa choyamba.

Tsopano lembani: tili ndi mizere iwiri yosiyana, m ndi n. Tiyerekeze kuti yakumana kawiri, pa A ndi pa B, ndipo A si B. Ndiye kuti m wadutsa pa A ndi pa B. Nayenso n wadutsa pa A ndi pa B. Koma tagwirizana kuti mzere wodutsa pa A ndi B ndi umodzi wokha, choncho m ndi n ndi mzere womwewo. Pamwamba paja tati ndi yosiyana. Zonse ziwiri sizingakhale zoona. Chimene tinangoyerekeza ndi chimodzi chokha, choti yakumana kawiri, ndiye chimenecho ndicho chabodza. Onani kuti sitinatchule kutalika kwa bolodi paliponse. B akhale pa masentimita 5 kapena makilomita 500, mawu ake ndi omwewo.

A Chisale, Nkhamenya: Ine ndimajambula mzere umodzi ndi rula, wina wopindika ngati uta kuchoka pa A kufika pa B. Ana amaona okha kuti wapindika, kutsutsana kwake n'komweko.

A Phiri, Mtunthama: Kujambulako sikulakwa a Chisale, palibenso njira ina yojambulira chinthu chosatheka. Koma kutsutsana sikuli mu choko. Mwana wochenjera adzati mwapinda dala. Ndikamachonga, ndimazindikira amene sanamvetse pa zinthu ziwiri. Ena amalemba "mzere wapindika, choncho n'zosatheka" osatchula mfundo ya maziko ija. Ena amaiwala kulemba kuti mizereyo ndi yosiyana, ndiye akafika poti m ndi n ndi umodzi, palibe chimene chatsutsidwa.

Nazimbiri, Chulu: Mawu oti "yosiyana" aja ine ndimawaonetsa ndi manambala. Ndimawapatsa `y = 2x + 1` ndi `y = -x + 4`, amapeza (1, 3) basi. Kenako `x + 2y = 4` ndi `2x + 4y = 8`. Apa (0, 2) imagwira, (4, 0) imagwiranso. Amakondwa kuti apeza mizere yokumana kawiri, mpaka wina aone kuti yachiwiri ndi yoyamba yomwe itachulukitsidwa ndi 2.

Nabanda, Santhe: Chimenecho ndiyamba nacho. Koma ndikumudziwa mwanayu, amakonda jogalafe. Adzati mizere ya 33°E ndi 34°E imakumana kumpoto kwenikweni kwa dziko, n'kukumananso kummwera.

A Phiri, Mtunthama: Akatero mumuyamikire. Pa chinthu chobulungira, mizere yoyenda mosakhota ngati imeneyo imakumanadi kawiri. Umboni wathu sunagwe, chasintha ndi maziko: pa nsonga ziwiri zija pamadutsa mizere yosawerengeka, osati umodzi. Mfundo ija imagwira pamalo afulati. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti ana ailembe poyera asanayambe.

A Chisale, Nkhamenya: Chikundivutabe china. "Mapoyinti awiri, mzere umodzi" ndi "mizere iwiri, poyinti imodzi" zikumveka ngati mawu amodzi otembenuzidwa. Tatsimikiza chatsopano, kapena tangobwereza?

A Phiri, Mtunthama: Zili pafupi kwambiri, sindikana. Umboniwu ndimaukondabe chifukwa ndi waufupi, mwana amaona sitepe iliyonse.

A Chisale, Nkhamenya: Kwa ine chitsanzo choyenera cha umboni wa mtundu umenewu ndi thirayango yosatheka kukhala ndi maengo awiri a 90°. Awiriwo amaliza kale 180°, yachitatu ilibe malo. Pamenepo ana amadzidzimuka.

Nabanda, Santhe: Piriyodi ndi ya mphindi 40. Ndiyamba ndi manambala a Nazimbiri, kenako A ndi B. Thirayango yanu a Chisale ikhala ntchito yokachitira kunyumba.