Feteleza wayenda bwino, koma phindu lotsala ndi K700,000

Wolemba mabuku, Kamwendo: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndimalemba mabuku a kampani yaing'ono yogulitsa feteleza ndi mbewu kuno ku Mchinji. Chaka chathachi tinagulitsa katundu wa K40 miliyoni, ndipo titachotsa K32 miliyoni, yomwe ndi mtengo wa katundu wogulitsidwayo, phindu loyamba linali K8 miliyoni. Lendi, malipiro, magetsi ndi kutha kwa galimoto zinatenga K5 miliyoni, chiwongola dzanja cha ngongole K2 miliyoni, ndipo msonkho wa 30 peresenti utachoka tinatsala ndi K700,000. Eni ake akufuna kukweza mitengo. Kodi vuto lili pamitengo?

Wogulitsa mbewu, Kapiri: Achimwene, ine sindikhulupirira mapepala. Kwanga ndimawerenga ndalama zomwe zili kubanki mwezi wa Epulo, ndipo ngati zachepa ndimadziwa kuti wina akundibera.

Mayi wowerengera ndalama, Kasungu: Ndalama za kubanki ndi nkhani ina, bambo, chifukwa alimi amene anatenga feteleza pangongole amawerengedwa m'malonda ngakhale sanalipire. Kwa amene mwafunsa, mitengo yanu ilibe mlandu. Pa K100 iliyonse ya malonda mukutsala ndi K20 mutachotsa mtengo wa katundu, ndipo mzere woyambawo, wa phindu loyamba, ndiwo umene umanena za mitengo ndi kagulidwe. Mzere wachiwiri, K3 miliyoni yotsala mutalipira zoyendetsera sitolo, ukusonyeza kuti bizinesi payokha ikudzidyetsa. Bala lili pansi pake, pomwe wobwereketsa akutenga magawo awiri mwa atatu a phindu limenelo, moti malonda atatsika pang'ono chabe simudzakwanitsa ngakhale chiwongola dzanjacho. Mukakweza mitengo alimi adzangopita kusitolo yoyandikana nayo, ngongole n'kukhala pomwepo.

Kalaliki wa kopaletivi, Mkanda: Ndikuvomereza kuti vuto ndi ngongole, ndipo ndikuganiza kuti zonse zimene abweza kubanki chaka chino azilembe pamzere wa chiwongola dzanja kuti eni ake aone kulemera kwake.

Mayi wowerengera ndalama, Kasungu: Ayi bambo, pamzerewo pamalowa chiwongola dzanja chokha. Kubweza ndalama imene munabwereka kumachepetsa ngongole, sikuchepetsa phindu. Koma ndili ndi funso pa K32 miliyoni ija: kodi munawerenga matumba otsala m'nyumba yosungira katundu tsiku lotseka chaka, ndipo ndalama yonyamulira feteleza kuchokera ku Lilongwe munaiika pamenepo kapena pamodzi ndi lendi? Ikaikidwa pansi, phindu loyamba limaoneka lonenepa pomwe silili choncho.

Wolemba mabuku, Kamwendo: Zikomo mayi. Ya mayendedwe ili m'kati mwa K32 miliyoniyo, ndipo matumba tinawerenga. Chondidetsa nkhawa tsopano ndi chakuti matumba ena a yuliya ananyowa n'kuumbika, koma ndinawalemba pamtengo wogulira. Ndikawatsitsa kufika pamtengo umene angagulitsidwe, K8 miliyoni ija ichepa, ndipo eni ake akukana, akuti adzawaphwanya n'kuwagulitsa pamtengo wonse mvula ikayamba.