Ndichape bwanji dilesi ya chitenje yokhala ndi mikono ya silika kuti utoto usalowerere?

Wofunsa: Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za nsalu. Ndili ndi dilesi yosokedwa ndi chitenje cha buluu wodera ndi maluwa ofiira, koma mikono yake ndi ya silika woyera. Sindinaichapepo, ndipo m'khwapa mwayamba kuoneka chikasu cha thukuta. Mantha anga ndi akuti chitenje chikatulutsa utoto, silika adzaumwa. Ndiichape motani ndi manja kuti nsalu zonse ziwiri zisaonongeke?

Woyankha woyamba: Mayi, sungunulani mchere wodzaza dzanja m'madzi ozizira, muthiremo viniga pang'ono, kenaka muviike dilesiyo usiku wonse. Mchere umagwira utoto, ndipo zitenje zanga sizisuluka chifukwa cha njira imeneyi.

Woyankha wachiwiri: Ine ndimasoka zovala, ndipo ndikupemphani kuti musaviike dilesiyo usiku wonse. Madzi ozizira anenedwawo ndi oyenera, koma chimene chimaononga chovala cha nsalu ziwiri ndi kukhalitsa m'madzi, chifukwa utoto wotuluka m'chitenje umapeza nthawi yolowa mu silika, amene amamwa utoto msanga kwambiri. Mchere umathandiza pamene nsalu ya thonje ikunyikidwa mu utoto ku fakitale, koma sumanga utoto pa nsalu imene inatha kale kupangidwa.

Yambani ndi kuyesa. Nyowetsani kansalu koyera, mukakanikize kwa mphindi imodzi mkati mwa mpendero, pa buluu padera ndi pofiira padera. Kakatenga mtundu woonekeratu, musaichape yonse pamodzi. Pitani nayo kwa telala asomole mikono, muchape chilichonse pachokha, ndipo adzailumikizenso zikauma. Kakatuluka koyera, chapani dilesi yonse motsatira zofuna za silika, popeza ndiye wosalimba pa nsalu ziwirizo.

Madzi asapitirire madigiri 30, ndipo akhale ambiri m'beseni lalikulu kuti utoto wotuluka usungunukiremo. Musagwiritse ntchito sopo waufa. Ulusi wa silika ndi wa mtundu umodzi ndi tsitsi, kotero sopo waukali amaupangitsa kukhakhala ndi kutaya kunyezimira, ndipo sopo waufa wambiri ali ndi mankhwala osungunula madontho a magazi ndi thukuta, amene amadyanso ulusiwo pang'onopang'ono. Supuni yaing'ono imodzi ya shampu wa ana m'malita 5 a madzi ndi yokwanira. Tembenuzani dilesi, muigwedeze m'madzimo modekha osapitirira mphindi 5, osachikicha, ndipo mutsukuluze mpaka madzi ayere. Viniga ali ndi ntchito pa kutsukuluza komaliza: supuni yaikulu imodzi m'malita 5 imachotsa zotsalira za sopo, ndipo silika amakhala wofewa.

Woyankha wachitatu: Ine bulauzi yanga ya silika ndimaichapa ndi sopo waufa, ndimaifinya ndi kuiyanika padzuwa, koma ikadali yonyezimira ngati yatsopano. Ndikuona kuti mukuwaopseza chabe mayiwa.

Woyankha wachiwiri: Mwina bulauzi yanuyo ndi ya poliyesita, pakuti nsalu zambiri zoterera zimagulitsidwa ndi dzina la silika. Sololani ulusi pang'ono mkati mwa msoko, muutenthe mosamala pa mbale. Silika weniweni amanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo amasiya phulusa lofumbutuka mukalitikita, pamene poliyesita amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Silika weniweni amachepa mphamvu akanyowa, ndiye kumupotokola kumathyola ulusi n'kusiya timizere totuwa timene sitichoka ngakhale musite.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndayesa, ndipo pofiira kansalu katuluka koyera, koma pa buluu katenga mtundu wochepa kwambiri. Nanga chikasu cha m'khwapa ndingachichotse ndi jiki? Ndipo ndiiumitse bwanji popanda kufinya?

Woyankha wachiwiri: Jiki asakhudze dilesiyo ngakhale pang'ono, chifukwa amasandutsa silika wachikasu kwambiri ndi kumubowola, komanso amafwifwitsa chitenje. Pakani pamalopo viniga wosakaniza ndi madzi ofanana muyeso, mudikire mphindi zochepa musanachape, ngakhale kuti thukuta lokhalitsa silichoka lonse. Mukatsukuluza, yalani dilesi pa thaulo loyera, muike thaulo lina pamwamba kuti mikono isagundane ndi chitenje chonyowa, mukulunge ndi kukanikiza. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, mikono itatambasulidwa kapena itakwezedwa m'mwamba kuti madzi odontha kuchokera m'chitenje asayenderere pa silika. Sitani kunsi kwa nsalu isanaumiretu, simbi ili yofunda chabe pa mikono, ndipo musawaze madzi pa silika wouma chifukwa amasiya mawanga. Kunena za buluuyo, ine ndikanasomola mikono pa kuchapa koyamba kokha.

Woyankha wachinayi: Pamenepo ndikusiyana nanu. Singano imasiya timabowo mu silika, ndipo kusomola ndi kusokanso kumafooketsa msoko. Ngati mtundu watuluka wochepa chotero, ndi bwino kuchapa mbali ya chitenje yokha kawiri, mikono itagwiridwa kunja kwa beseni, kenaka kuyesanso ndi kansalu koyera musanaganize zopita kwa telala.