Basale ya mapointi 15: titenge ophunzira ofika pati mbali zonse?

Nachisale: Akuluakulu, thandizeni. Bungwe lathu kuno ku Zomba limapereka basale kwa amene apeza mapointi 15 kapena ochepera pa MSCE. Tikufuna kudziwa ngati basaleyo imathandiza kuti amalize koleji, poyerekeza amene ali chapafupi ndi malirewo mbali zonse ziwiri. Ndayendetsa izi mu pulogalamu ya Stata:

```
rdrobust anamaliza mapointi, c(15.5)
```

Yasankha `h` ya 2.6, womwe ndi mtunda wa mapointi otengedwa mbali iliyonse ya malire, yachenjezanso za `mass points`, kutanthauza kuti ophunzira ambiri ali ndi mapointi ofanana, ndipo yankho latuluka ndi mayinasi. Ndiye kuti basale ikuwononga ana?

A Mbewe: Ayi chemwali, mayinasiyo asakuopseni. Pulogalamuyo imachotsera a kumanzere kwa malire pa a kumanja, pomwe pa MSCE opeza basale ali kumanzere, poti mapointi ochepa ndiwo abwino. Ingotembenuzani chizindikirocho. Chondidetsa nkhawa ine ndi 2.6. Mapointi sakhala ndi theka, choncho mwatsala ndi 13, 14, 15 uku, ndi 16, 17, 18 uko. Komanso `triangular kernel` imapeputsa akutali: a 13 ndi a 18 ali pa mtunda wa 2.5, mawu awo ndi ochepa zedi. Mzere wanu watsamira pa madontho awiri mbali iliyonse, ndipo madontho awiri sangakuuzeni ngati mzerewo ukukhota.

Che Jafali: Ndiye tengani onse, kuyambira wa mapointi 6, muike `p(3)` kuti mzere uzitha kukhota. Anthu achuluke basi.

A Mbewe: Kukulitsa ndikuvomera, Che Jafali, koma osati mpaka 6. Wa mapointi 6 safanana ndi wa 16, angamalize ngakhale popanda basale. Za `p(3)`, akatswiri ofufuza Gelman ndi Imbens anachenjeza mu 2019 kuti mizere yokhotakhota chonchi imavina pamalire pomwepo. Khalani pa mzere woongoka wa `p(1)`, muyese `h(3.6)`, `h(4.6)`, `h(5.6)`, ndipo muonetse zonse mu lipoti. Yankho likamatsika kapena kukwera mosalekeza pamene `h` ikukula, ndiye kuti kukhota kwalowamo.

Nangozo: Kwathu tinakweza malire kufika 18, madandaulo anachepa. Bwanji osatero?

Nachisale: Malire sitikusintha amayi, tikuyeza za m'mbuyo. Koma ndaona china: a mapointi 15 alipo 140, a 16 alipo 55 okha.

Che Jafali: Apo ndiye pali nkhani. Deta yanu ndi ya amene anafunsira okha eti? Wa 16 amadziwa kuti sapata, ndiye amafunsira ndi olimba mtima okha, kapena odziwana ndi wina muofesi. Enanso amabwereza Folomu 4 mpaka atatsika pa 16.

Nachisale: Ndi ofunsira okha. Ndipo ena a 16 analandiradi.

A Mbewe: Olandirawo muwathana nawo ndi `fuzzy(basale)`, imene imauza pulogalamuyo amene analandiradi basale. Koma za osafunsirawo palibe `h` imene ingakonze. Pezani mndandanda wa onse amene analemba mayeso m'sukuluzo, ndipo obwereza muwawerengere mapointi a ulendo woyamba.

Nachisale: Mndandandawo ndingaupeze, koma ndidziwa bwanji ngati amene sanafunsire anamaliza koleji?