K1,160 yotsala pa akaunti ya sapulaya titalipira invoisi msanga

Mlembi wa sitolo ya zomangira, Chipata

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa nkhani yomwe yandivuta potseka mabuku a mwezi wa Malichi. Tinagula malata pa ngongole kwa sapulaya wathu wa ku Lusaka, ndipo invoisi ya pa 3 Malichi inali ya K58,000, kutanthauza K50,000 ya katundu ndi K8,000 ya VAT ya 16 peresenti. M'munsi mwake analemba kuti tikalipira pasanathe masiku 10 tichotse 2 peresenti, apo ayi tilipire zonse m'masiku 30. Abwana anatumiza K56,840 kudzera ku banki pa 11 Malichi, ndipo ine ndinalemba ndalama yomweyo mu kashibuku ndi pa akaunti ya sapulaya. Tsopano leja ikuonetsa kuti tikadali ndi ngongole ya K1,160, pomwe sapulaya pa foni akuti tinamaliza. Kodi ndalama imeneyi ndiilembe pati?

Wosunga mabuku, Katete

Amayi, ife ku holoselo yathu disikaunti sitiilemba paliponse ayi. Sapulaya akatichotsera mtengo chifukwa tatenga mabelo ambiri a shuga, timangolemba ndalama yotsala pa invoisi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikuganiza kuti mungobwerera pa 3 Malichi n'kusintha K58,000 ija kuti ikhale K56,840.

Mlembi wa kampani ya mathiraki, Petauke

Bambo a ku Katete, zomwe mukunenazo ndi za kuchotsera kwa pa mtengo wa pikulitsa, komwe kumachitika invoisi isanalembedwe n'komwe. Apa invoisi inatuluka ndi K58,000 yathunthu, ndipo pa tsiku limenelo palibe ankadziwa ngati abwana awo alipira msanga kapena ayi, choncho kusintha zomwe zinalembedwa kale kungasemphanitse leja ndi pepala lomwe lili mu faelo. Amayi, inu lembani debiti ya K1,160 pa akaunti ya sapulaya, ndi kirediti ya K1,160 pa akaunti ya disikaunti yolandira. Ngongole idzafika pa ziro.

Akauntanti wopuma pa ntchito, Chipata

Achimwene a ku Petauke alondola njira, ndipo mbali ya debiti ilibe vuto. Sapulaya anayenera kulandira K58,000, ngongole yonseyo yatha, ndiye akaunti yake iyenera kuchotsedwa K58,000 yathunthu, ngakhale kuti ndalama yotuluka ku banki ndi K56,840 yokha. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa kirediti, chifukwa K1,160 ija si phindu lanu lonse.

Taonani mmene yapangidwira. 2 peresenti ya K50,000 ndi K1,000, ndipo 2 peresenti ya K8,000 ndi K160. Pa 3 Malichi munalemba K8,000 ngati VAT yomwe mudzachotse pa msonkho wopita ku ZRA, koma mwa ndalama imeneyo mwalipira K7,840 yokha. Mukaika K160 ku disikaunti, ndiye kuti mukufuna kubwezeredwa VAT yomwe simunapereke, ndiponso mwakweza phindu la sitolo ndi ndalama yomwe si yanu. Malipiro onse pamodzi aoneke motere:

```
Dr  Sapulaya               58,000
    Cr  Banki                      56,840
    Cr  Disikaunti yolandira        1,000
    Cr  VAT ya zogula                 160
```

Popeza K56,840 munailemba kale, chotsala ndi jenulo ya K1,160 yogawidwa pawiri chonchi. Koma musailembe potengera mawu a pa foni. Pemphani sapulaya akutumizireni kirediti noti yotchula nambala ya invoisi ija, yoonetsa K1,000 ndi K160 padera, chifukwa pa nkhani ya VAT woyendera mabuku amafuna pepala, ndipo zomwe inu mwachotsa ziyenera kufanana ndi zomwe sapulaya wachotsa kumbali yake. Ngati sitolo yanu ikadakhala yosalembetsa VAT, monga ambiri omwe amalipira msonkho wa pa ndalama zolowa, achimwene a ku Petauke akadakhala atalondola zonse, chifukwa K58,000 yonse ikadakhala mtengo wa malata, ndipo K1,160 yonse ikadakhala disikaunti.

Mlembi wa sitolo ya zomangira, Chipata

Zikomo kwambiri, bambo. Ife tinalembetsa VAT. Chomwe chikundidabwitsa ndi chakuti mu kashibuku muli danga la disikaunti pafupi ndi la banki, ndipo ndinalembamo K1,160 tsiku lomwelo. Nanga bwanji sinafike mu leja?

Akauntanti wopuma pa ntchito, Chipata

Danga limenelo ndi chikumbutso chabe, amayi, si akaunti, ndipo silipeleka ndalama ku leja palokha. Polemba malipiro pa akaunti ya sapulaya mumayenera kutenga manambala onse awiri a pa mzere umenewo, ya banki ndi ya disikaunti, kenako pakutha kwa mwezi muwonkhetse danga lonse la disikaunti n'kupititsa chiwonkhetsocho ku kirediti ya akaunti yake mutapatula gawo la VAT. Inu munatenga nambala imodzi. N'chifukwa chake thirayo balansi yanu iyenera kuti ikugwirizana bwinobwino, pakuti debiti ndi kirediti zonse zinasowa pamodzi, ndipo cholakwa chotere chimangoonekera mukayerekeza leja ndi sitetimenti ya sapulaya. Mukapeza kangongole kakang'ono komwe ndi 2 peresenti yeniyeni ya invoisi inayake, dziwani kuti n'chimenechi.

Wowerengera ndalama ku kampani yomanga, Lundazi

Ndiloleni ndionjeze zomwe zinandigwera chaka chatha. Ndinachotsa disikaunti pa simenti powerenga masiku 10 kuyambira tsiku lomwe thiraki inatsitsa katundu kuno, pomwe sapulaya ankawerenga kuyambira tsiku la pa invoisi, ndipo pakati pa masiku awiriwo panali masiku anayi a pa msewu. Anakana, ndalama inabwerera pa sitetimenti, ndipo ndinachita kutembenuza jenulo yonse, debiti ku disikaunti ndi ku VAT, kirediti kwa sapulaya, n'kukapempha abwana kuti alipire chotsalacho (sanasangalale nazo). Amayi, inu pa 11 Malichi munali pa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndiye muli bwino, koma onaninso tsiku lomwe ndalama inafika ku akaunti yawo, chifukwa ena amawerenga limenelo, osati lomwe munatumiza.

Mlembi wa kampani ya mathiraki, Petauke

Ndavomera za K160. Komabe ndili ndi funso kwa akulu athu. Oditala wathu anatiuza kuti disikaunti ya pa katundu wogulitsa isaoneke ngati ndalama yolowa, koma ichepetse mtengo wogulira. Ife kusukulu tinaphunzira kuionjezera pansi pa phindu la malonda. Cholondola n'chiti?

Akauntanti wopuma pa ntchito, Chipata

Oditala wanu akutsata IAS 2, lamulo la maiko ambiri la kalembedwe ka sitoko m'mabuku, lomwe limafuna kuti zochotseredwa pogula zichotsedwe pa mtengo wa katundu, ndipo malata aja kwenikweni anagulidwa pa K49,000. Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaoneka pakutha kwa chaka. Ngati theka la malata likadali m'sitolo, K500 iyenera kutsitsa mtengo wa sitoko yotsalayo, ndipo K500 yokha ndiyo ikhudze phindu la chaka chino. Ine m'masitolo ang'onoang'ono ndinkasiya akaunti ya disikaunti kuti iziyenda chaka chonse, kuti mwini wake aziona zomwe wapulumutsa, n'kuisamutsa potseka mabuku.

Wowerengera ndalama ku kampani yomanga, Lundazi

Kwa K500, bambo, ndani angakhale pansi kuwerenga malata otsala a invoisi imodzi? Ine ndingaichotse yonse pa zogula za chaka n'kupitirira.

Mlembi wa sitolo ya zomangira, Chipata

Limenelo ndikalifunsa kwa oditala wathu akabwera. Kirediti noti ndaipempha masana ano, ndipo jenulo ndailemba pa pepala koma sindinailowetse. Ngati ifika mu Epulo, ndikuganiza zoilowetsa pa tsiku lomwe lidzalembedwe pa kirediti notiyo, pokhapokha wina andiuze chifukwa choibwezera mu Malichi.