Bokosi la iPhone 13 lokutidwa m'pulasitiki: ndilipire kapena ayi?

Wa shopu ya ku Limbe: Akuluakulu, thandizeni maso. Munthu amene ndimaodako ku Joni wanditumizira zithunzi za ma iPhone 13 anayi, akuti atsopano, osatsegula. Akufuna theka la ndalama lero. Mabokosi onse ali m'pulasitiki wowala bwino, koma pa chithunzi chachitatu ndikuona kamzere kodera m'mbali mwa kapepala komatira kumbuyo. Mtima sukukhazikika.

Mnyamata wa pa Bwalo la Njobvu: Achimwene, ngati pulasitiki ali wosang'ambika ndiye kuti sanatsegule. Ine ndimangoyang'ana pamenepo basi. Lipirani asanakulandeni ena.

Mayi wokonza mafoni ku Mzuzu: Ayi mwanawe, pulasitikiyo ndi amene akundiopsa ine. Kuyambira pa iPhone 13, mu 2021, a Apple anasiya kukuta mabokosi a foni m'pulasitiki. Bokosi limatsekedwa ndi timapepala tiwiri tomatira kumbuyo, kena kumtunda kena kumunsi, tokoka n'kung'amba. Ikanakhala iPhone 12 ndikanamva. Ndiye apa funso n'lakuti wakuta ndani, ndipo akubisa chiyani.

Taonaninso msoko wa pulasitikiyo pa chithunzi choyamba. Ndi wonenepa, wokhota, ndipo pakona pali timakutu tosongoka. Zimatero munthu akadula ndi kamakina ka pa tebulo kenako n'kuuzira mpweya wotentha ndi manja. Penapake amapsereza mpaka kuboola.

Mnyamata wa pa Bwalo la Njobvu: Koma amayi, alipo ogulitsa ena amakuta okha kuti bokosi loyera lisade m'njira. Si onse akuba.

Mayi wokonza mafoni ku Mzuzu: Zoona, alipo. N'chifukwa chake sindinanene kuti waba. Koma kamzere kamene awona achimwene a ku Limbe n'kolemera kuposa pulasitikiyo. Munthu akatenthetsa kapepala koyamba n'kukamatula, guluu wina amatsalira pa bokosi. Timapepala tachinyengo timagulitsidwa, koma kukamata pamalo enieni pomwe panali kakale n'kovuta. Kakaphonya pang'ono, guluu wakale amakhala poyera n'kugwira fumbi. Kamzere kodera ndi kameneko. Nthawi zina mumaonanso pamene khungu la bokosi linasupuka, pooneka ngati pali tiubweya.

Achimwene, zithunzi zomwe muli nazozi zafinyidwa ndi WhatsApp. Muwauze achotse pulasitiki pa bokosi limodzi, azimitse magetsi, agoneke tochi pa tebulo kuti kuwala kudutse chammbali, ajambule pafupi, atumize ngati Document. Kuwala kochokera m'mbali kumaonetsa thovu, makwinya ndi malo amene guluu wakale akunyezimira. Fulashi yowomba chamaso imafufuta zonsezo.

Bambo oitanitsa katundu ku Lilongwe: Ine za selotepi musandiuze. Katoni yanga ya machaja inabwera ndi selotepi iwiri yosanjikizana, yapansi yodulidwa ndi lezala, ndinakangana ndi wonyamula mpaka kudana. Mapeto ake zinapezeka kuti anatsegula pa boda ya Mwanza poyendera katundu, zonse zinali momwemo.

Wa shopu ya ku Limbe: Bambo, imeneyo ndi katoni yakunja, ija amatsegula a kasitomu. Ine ndikunena bokosi la foni lenilenilo, ndipo lidakali ku Joni, silinafike pa boda iliyonse.

Bambo oitanitsa katundu ku Lilongwe: Pepani, ndinamva molakwa. Ndiye apempheni aike mabokosi onse anayi pa sikelo ya magalamu, limodzilimodzi. Mtundu umodzi ayenera kulemera mofanana.

Mayi wokonza mafoni ku Mzuzu: Sikelo imagwira amene waikamo foni ya mtundu wina kapena wachotsa chingwe. Koma akaikamo iPhone 13 yogwiritsidwa kale ntchito, yosinthidwa galasi kapena batire, sikelo siona kanthu. Kumeneko n'kumene ambiri timapwetekera. Apempheni chithunzi chowerengeka cha sitika ya manambala, mutenge nambala ya siriyo muilembe pa checkcoverage.apple.com. Ikaonetsa kuti foniyo inayamba kale kugwira ntchito, nkhani yatha. Muonenso ngati sitikayo sinamatidwe pamwamba pa ina, m'mphepete mumaoneka mizere iwiri.

Ngakhale zitatuluka bwino, mwangotsimikiza bokosi, osati zam'kati. Zam'kati zimafuna atsegule limodzi pa vidiyo, aimbe `*#06#`, ndipo IMEI ifanane ndi ya pa sitika komanso yolembedwa pa kathireyi ka simu.

Wa shopu ya ku Limbe: Ndawauza zonse. Zithunzi za tochi atumiza za mabokosi awiri okha. Pa limodzi guluu akunyezimira bwinobwino kuseri kwa kapepala kakumunsi, ndipo kapepalako n'kopendekeka. Linalo likuoneka loyera. Manambala a siriyo akuti atumiza madzulo. Kutsegula akukana, akuti ndikapanda kugula ataya mtengo.

Mnyamata wa pa Bwalo la Njobvu: Apo pokha sakunama, bokosi lotsegula limatsika mtengo. Tengani loyeralo.

Mayi wokonza mafoni ku Mzuzu: Onse anayi adutsa m'manja amodzi. Ine ndikanawauza kuti atsegule lonyezimira guluulo, ndipo manambala akagwirizana ndiligula pa mtengo wonse. Akakana ngakhale pamenepo, sindikanatumiza tambala.

Wa shopu ya ku Limbe: Ndawalembera choncho. Awerenga, koma sanayankhe.