Tamusankha kale, koma mkulu wa dipatimenti akukana kusaina

Wa ku ofesi ya maubale, Lilongwe: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tasankha mtsikana wa chaka chachitatu wa zaulimi kuti akaphunzire semesita imodzi ku yunivesite ina ku Ulaya kudzera mu Erasmus+. Dzina tinatumiza, uko avomera. Pano mkulu wa dipatimenti akukana kusaina pangano la makosi, lija limatchedwa Learning Agreement, ati kosi ya njira za kafukufuku kulibe uko. Ndipange bwanji?

Mphunzitsi wa masamu: Mwanayo angopita. Akabwera ndi magiredi, seneti idzaona chochita.

Mayi a ku rejisitire: Ayi bambo, pamenepo mpamene timalizira ana. Panganolo amasaina anthu atatu asananyamuke: mwana, ife, ndi omulandira. Siginecha yathu ndi lonjezo loti zomwe akakhoze tidzaziwerengera. Popanda iyo, abwera kudzabwereza semesita, makolo alipirenso fizi. Komanso kutumiza dzina si kulembetsa. Mwanayo ali ndi fomu yakeyake yoti adzaze, ndipo tsiku lake lotsekera ndi lina.

Za kosiyo, musafunefune dzina lofanana. Pemphani ndondomeko ya kosi iliyonse uko, muike pambali pa yathu, mkuluyo aone zomwe mwana adzadziwe akamaliza. Mwina kafukufukuyo ali mkati mwa kosi ya dzina lina. Semesita yathunthu uko ndi makirediti 30 a ku Ulaya, otchedwa ECTS, ndipo iyenera kulowa m'malo mwa semesita yathunthu kuno. Ngati kosiyo kulibedi, lembani poyera kuti adzaitenga akabwera, ndipo alembe mu pangano makosi okhawo omwe tidzawerengere.

Wa ku ofesi ya maubale: Zikomo mayi. Vuto, chaka chachinayi amayamba pulojekiti, ndipo salola amene sanakhoze kosi imeneyi.

Mayi a ku rejisitire: Ndiye nkhaniyo ndi ya adini. Alembe kalata yomulola kutenga ziwirizo pamodzi. Ya pakamwa musalandire, maudindo amasintha.

Mlangizi wa ophunzira, Eriya 47: Wophunzira wanga chaka chatha anafika nkupeza makosi awiri akugundana nthawi, ina ikuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha konko. Amalola kusintha mkati mwa masabata asanu semesita itayamba, koma atatu aja avomerenso. Ife tinadziwa mochedwa, mwana ankaopa kunena. Funsani chiyankhulo cha kosi iliyonse pano pomwe.

Mphunzitsi wa masamu: Chachikulu ndalama zilipo. Zonse amalipira azunguwo.

Mlangizi wa ophunzira: Osati zonse. Fizi ya uko salipira, koma ya kuno imapitirira. Amalandira ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndi ya ulendo yomwe amawerengera potengera mtunda, osati mtengo wa tikiti. Wangayo ndalama yoyamba anaiona atafika, pomwe viza, inshuwaransi ndi chikole cha chipinda zinafuna ndalama zakunja asananyamuke. Funsani ngati tikiti agule ndi a yunivesite ya uko.

Wa ku ofesi ya maubale: Ndalemba kale kupempha ndondomeko za makosi, mawa ndikaonana ndi adini. Nanga mwanayu ali pa ngongole ya boma, ya upukipu imabwerabe akakhala kunja?

Mayi a ku rejisitire: Ndikuganiza choncho, poti amakhalabe m'kaundula wathu. Koma funsani a bodi ya ngongole, akuyankheni pa pepala.