Kukwera sitima ndi mphaka kuchoka ku London kupita ku Paris

Abale amene mudayendapo ndi chiweto pa sitima ya pamtunda, ndithandizeni nzeru. Mphaka wolemera makilogalamu 5 akufunika kuchoka ku London kukafika ku Paris, koma galimoto palibe.

Mkati mwa Britain mulibe vuto: ziweto ziwiri zimakwera ulere, bola mphaka akhale m'bokosi lotseka losaposa masentimita 85 x 60 x 60, ndipo lisaikidwe pampando. Povuta ndi powoloka nyanja. Sitima ya Eurostar yochoka ku London kudutsa mumphanga ya pansi pa nyanja imakana ziweto, kupatula agalu othandiza anthu olumala, pomwe LeShuttle, sitima yonyamula magalimoto mumphanga yomweyo, imafuna munthu akhale m'galimoto. Ndiye ndikuganiza zokwera sitima mpaka ku Newhaven, kuwoloka pa chombo kukafika ku Dieppe ku France, kenako sitima za kampani ya kumeneko ya SNCF kudzera ku Rouen.

Mutu waima pa bokosi. SNCF imafuna losaposa 45 x 30 x 25, ndipo mphakayo amalipira tikiti yake. Lalikulu la ku Britain lija silikwana pamenepo, koma laling'onoli ndi lothina kwa mphaka wotere tsiku lonse. Kodi makondakitala amayezadi, kapena chikwama chofewa chopitirira pang'ono amachilola? Nanga pa chombopo, woyenda pansi amamusunga pati mphakayo pa maola anayi a ulendo wa panyanjawo?